Kalembedwe ka chidule cha pepala la sosholoje: yambani ndi zimene mwapeza

Pepala mwamaliza. Masamba 12 aja ali phee pa kompyuta, ndipo kwangotsala kandime kamodzi kamene aphunzitsi anati kakhale patsogolo, pansi pa mutu wakuti Abstract. Ife pano tizikatchula kuti chidule. Ophunzira ambiri amakalemba kandimeka usiku womaliza, tulo tili m'maso. Amatola ziganizo zitatu za m'mawu oyamba, n'kuwonjezerapo kuti "pepalali likambirana mfundo zosiyanasiyana zokhudza nkhaniyi", basi n'kutumiza. Ndawerengapo zidule zambiri zamtunduwu, ndipo ukafika kumapeto kwake umakhala usakudziwabe kuti mwini pepala anapeza chiyani.

Vuto limayambira pa kusokoneza zinthu ziwiri. Mawu oyamba a pepala amakonzekeretsa wowerenga, amamuyendetsa pang'onopang'ono, ndipo akhoza kusunga yankho mpaka mtsogolo. Chidule sichisunga chinsinsi. Ndi pepala lonse litafinyidwa, moti munthu amene wawerenga chidule chokha ayenera kutha kuuza mnzake kuti munafunsa funso lanji, munalifufuza bwanji, ndipo yankho linatuluka lotani.

Kuti tisamangolankhula za m'malere, tiyerekeze pepala limodzi n'kuliyendetsa mpaka kumapeto. Wophunzira wina walemba za mmene anzake a pa yunivesite amapezera ntchito za maola ochepa. M'kalasi anaphunzira ganizo la Mark Granovetter, katswiri wa sosholoje wa ku America, amene mu 1973 anafotokoza kuti uthenga watsopano, monga wa malo a ntchito, umabwera kawirikawiri kudzera kwa anthu ongodziwana nawo patali, chifukwa anzathu apamtima amadziwa zomwezo zimene ifenso tikudziwa kale. Kudziwana kwapatali kumeneku ndiko tikutcha maubale ofooka, ndipo kwa achibale ndi abwenzi apamtima ndiko maubale olimba. Wophunzira wathuyu anacheza ndi anzake 14. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma kayendedwe kake ndi komwe mudzakumane nako pa pepala lanu.

Musanalembe liwu lililonse

Tsegulani malangizo amene aphunzitsi anapereka ndipo mupeze zinthu ziwiri: malire a mawu, ndi ndondomeko ya kalembedwe imene akufuna. Ndondomeko ya APA, imene ndi ya bungwe la akatswiri a sayikoloje ku America, nthawi zambiri imaika malire pa mawu 250. Ya ASA, imene ndi ya bungwe la akatswiri a sosholoje ku America, imafuna chachifupi, osapitirira mawu 200. Koma aphunzitsi akanena kuti 150, ndiye 150, zimene mabuku a ndondomeko akunena zikhale pambali. Onaninso ngati nambalayo ndi malire chabe kapena anati "pakati pa 150 ndi 200", chifukwa pamenepo chidule cha mawu 90 chalakwa ngakhale chikome bwanji.

Chinanso, pepala likhale litathadi. Chidule chimakhala patsogolo koma chimalembedwa pomaliza. Mukachilemba pepala lisanathe, mulemba zimene munkayembekezera kupeza, ndipo kafukufuku sakonda kumvera ziyembekezo za mwini wake.

Gawo loyamba: chiganizo cha zimene mwapeza

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa zina zonse zimapepuka chiganizo ichi chikaima bwino.

Tsekani pepala lija. Tengani pepala lopanda kanthu ndipo mumalize mawu awa mongodalira zimene zili m'mutu mwanu: "Ndapeza kuti..." Mawu amenewa sadzalowa onse m'chidule, ntchito yawo ndi kukukakamizani kunena chinthu chimene munthu wina angavomereze kapena kutsutsa.

Wophunzira wathu uja poyamba analemba kuti: "Ndapeza kuti maubale ndi ofunika kwambiri pofuna ntchito." Kodi alipo amene angatsutse zimenezi? Palibe. Munthu amene sanafunsepo aliyense akanatha kulemba chiganizo chomwechi ali gone pa bedi. Chiganizo chimene chikanalembedwa kafukufuku asanachitike si chotsatira cha kafukufukuyo.

Kachiwiri analemba kuti: "Ndapeza kuti ophunzira ambiri amamva za ntchito kwa anthu ongodziwana nawo." Apa zayamba kuoneka. Chiganizochi chili ndi mbali imene chatsamira, ndipo wina akhoza kunena kuti ayi, amamva kwa achibale. Koma "ambiri" ndi angati? Ndipo kodi ndi zokhazi zimene pepala lapeza?

Atabwerera ku gawo la zotsatira, anaona kuti nkhani yeniyeni inali itabisala pa tsamba 8. Mwa anthu 14, anthu 9 anamvadi za ntchito kwa munthu wapatali: wina kwa mnzake wakale wa ku sekondale, wina kwa munthu wa pa gulu la pa foni amene sanaonanepo naye. Koma mwa 9 amenewo, 7 ananena kuti ntchitoyo anaipeza wachibale kapena mnzawo wapamtima atakawalankhulira kwa bwana. Ndiye kuti kumva za ntchito kunadutsa njira ina, kulembedwa ntchito kunadutsanso ina. Limeneli ndiye phata la pepala lonse, ndipo ndilo liyenera kukhala pakati pa chidule:

"Ophunzira 9 anamva za ntchito kwa munthu wongodziwana naye patali, koma 7 mwa iwo ananena kuti analembedwa ntchitoyo wachibale kapena mnzawo wapamtima atawalankhulira kwa bwana."

Taonani kamawu kakuti "koma" pakati pa chiganizochi. Zotsatira zabwino za sosholoje nthawi zambiri zimakhala ndi "koma" wotere, kapena "kusiyana ndi", kapena "makamaka pakati pa". Sosholoje imayang'ana kusiyana kwa magulu a anthu ndi mmene zinthu zimalumikizirana, choncho chiganizo chopanda kuyerekeza kulikonse chimakhala chikusowa mwendo umodzi. Ngati pepala lanu likuyerekeza amuna ndi akazi, olemera ndi osauka, a m'tauni ndi a kumudzi, chidule chinene kuti gulu liti linaposa linzake ndipo pa chiyani. Kulemba kuti "panali kusiyana pakati pa amuna ndi akazi" n'kumusiya wowerenga panjira.

Taonaninso mawu akuti "ananena kuti". Sanalowemo mwangozi. Wophunzirayu sanafunse mabwana, anangomva mbali ya ophunzira. Zimene akudziwa ndi zimene anauzidwa, ndipo chidule chiyenera kuonetsa zimenezo. Mphunzitsi wa sosholoje amaona msanga kusiyana kwa zimene anthu amachita ndi zimene amanena kuti amachita, chifukwa phunziro lonse la njira zofufuzira limabwerezabwereza zomwezo.

Pa manambala: ngati munafunsa anthu ochepa, lembani manambala enieniwo, "9 mwa 14". Musasandutse kukhala 64 peresenti. Peresenti pa anthu 14 imanamiza, imaoneka ngati munayenda dziko lonse, chonsecho munthu mmodzi yekha atasintha yankho peresentiyo isuntha ndi 7. Mukakhala ndi mafomu a mafunso 150 kapena 200, peresenti ili bwino, bola chiwerengero cha onse oyankha chionekenso m'chidule.

Nanga mukayesa kumaliza "Ndapeza kuti..." n'kulephera? Musalimbane ndi chidule, vuto lili m'pepala. Kawirikawiri zimatanthauza kuti pepalalo langondandalika zimene akatswiri osiyanasiyana ananena, osafika ponena zake. Ngati nthawi ilipo, bwererani ku mawu omaliza ndipo mudzifunse kuti pa zonse mwalembazi inu mwaima pati. Ndi bwino kuzindikira zimenezi nokha madzulo ano kusiyana ndi kukazimva kwa wochonga.

Gawo lachiwiri: munafufuza bwanji

Chiganizo cha njira chiyankhe mafunso anayi osapita m'mbali: ndani, angati, munawapeza bwanji, ndipo mayankho awo munatani nawo. Cha wophunzira wathu chinatuluka chonchi:

"Ndinacheza pamasom'pamaso ndi ophunzira 14 a chaka chachiwiri ndi chachitatu pa yunivesite imodzi, amene ndinawapeza polozeredwa ndi anzawo, ndipo mayankho awo ndinawasanja m'magulu potsata mfundo zobwerezedwa."

Funso lachitatu lija, lakuti munawapeza bwanji, ndi limene ambiri amalidumpha, mwina chifukwa cha manyazi. Munthu amaopa kuvomera kuti anafunsa anzake a m'kalasi, kapena kuti wofunsidwa woyamba ndi amene anamulozera wachiwiri, wachiwiri n'kulozera wachitatu. Palibe chochititsa manyazi. Njira yolozerana imeneyi ndi yodziwika m'sosholoje, ndipo pepala la temu imodzi palibe amene amayembekezera kuti likhale ndi sampulo ya dziko lonse. Cholakwa n'kubisa, kapena kunamizira kuti anthuwo munawasankha mwamaere pamene munangoimitsa amene anadutsa pafupi. Kusankha mwamaere kuli ndi tanthauzo lake lokhwima: pamafunika mndandanda wa anthu onse a gululo, ndipo aliyense akhale ndi mwayi wodziwika wosankhidwa. Ngati simunachite zimenezo, mawuwo asalowe m'chidule.

M'chitsanzo chathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa masiku onse. Pepala likufufuza za kudziwana kwa anthu, ndipo ofunsidwawo anapezeka kudzera m'kudziwana komweko. Wophunzira amene alibe anzake ambiri sakanapezeka mwa njira imeneyi. Wowerenga ayenera kudziwa zimenezi kuti ayeze yekha kulemera kwa zotsatirazo.

Zina zonse za njira zisiyeni m'pepala: kuti kucheza kulikonse kunatenga mphindi 40, kuti munajambula mawu ndi foni, kuti mafunso analipo 11. Mayina a ofunsidwa asaoneke, ndipo ngati munawalonjeza kuti malo awo sadzadziwika, "pa yunivesite imodzi" kapena "m'dera lina la m'tauni" n'zokwanira. Chidule ndi gawo limene limawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa lina lililonse, choncho lonjezo lachinsinsi likasweka pamenepa lasweka poyera.

Mapepala ena a temu alibe ofunsidwa, ndi ongowerenga ndi kusanthula. Njira ilipobe, ndipo inenedwe. Ngati munayerekeza zimene Émile Durkheim ndi Max Weber analemba pa za chipembedzo, nenani choncho, ndipo chotsatira chanu chikhale mfundo imene mwaimapo. Mwachitsanzo, mukhoza kunena kuti Durkheim akufotokoza bwino mmene chipembedzo chimamangira gulu pamodzi, koma Weber ndi amene akuthandiza kumvetsa mmene zikhulupiriro zimasinthira khalidwe la anthu pa chuma. Ngati munasanthula nkhani za m'nyuzipepala, tchulani kuti zingati ndipo za zaka ziti.

Gawo lachitatu: funso ndi ganizo limene mukuliyesa

Tsopano lembani chiganizo chimene chidzakhale choyamba. Mwachilemba mochedwa dala, chifukwa funso limalembeka bwino yankho likadziwika. Chiganizochi chinene chimene mukufufuza ndi ganizo la sosholoje limene mwagwiritsa ntchito:

"Pepalali likufufuza mmene ophunzira a pa yunivesite amapezera ntchito za maola ochepa, pofuna kuona ngati ganizo la Granovetter la mphamvu ya maubale ofooka likufotokoza bwino zimene zimawachitikira."

Palibe "kuyambira kalekale anthu akhala akufuna ntchito". Palibe "ulova ndi vuto lalikulu padziko lonse". Ziganizo zotere zimadya mawu 15 kapena 20 osamuuza wowerenga kanthu katsopano. Ngati nkhani yanu ikufunikadi chiyambi kuti imveke, chiganizo chimodzi chikwanira.

Dzina la katswiri lilowe pokhapokha ngati pepala lonse laima pa iye, monga zilili apa. Pepala limene latchula akatswiri 10 m'kati lisawabweretse onse patsogolo. Chidule sichikhala ndi mndandanda wa mabuku, mawu ogwidwa kwa ena, kapena manambala a masamba. Ndipo ganizo limodzi ndi lokwanira. Ndikaona chidule chimene chatchula Marx, Durkheim, Weber ndi Bourdieu m'chiganizo chimodzi, ndimadziwiratu kuti m'katimo palibe ngakhale mmodzi amene wagwiritsidwa ntchito mokwanira.

Gawo lachinayi: tanthauzo lake ndi malire ake

Manambala paokha sanena kanthu. Muyenera kubwerera ku ganizo lija n'kunena kuti zotsatirazi zikugwirizana nalo, zikulitsutsa, kapena zikuliwonjezera. Kwa wophunzira wathu, Granovetter wakhoza pa mbali ya uthenga, koma pali mbali ina imene maubale olimba akugwira:

"Zimenezi zikusonyeza kuti pakati pa ophunzirawa maubale ofooka amabweretsa uthenga, pamene maubale olimba amathandiza kuti bwana amukhulupirire munthu."

Mawu akuti "pakati pa ophunzirawa" ndi mpanda. Popanda iwo chiganizocho chikulankhulira achinyamata onse a dziko lapansi, chonsecho mwini wake anacheza ndi anthu 14 a pa sukulu imodzi. Kukula kwa zimene mukunena kufanane ndi kukula kwa zimene munachita.

Samalaninso ndi aneni. "Zikutsimikizira" ndi mawu olemera amene pepala la temu silingawanyamule. "Zikusonyeza" kapena "zikuonetsa" ndi okwana. Amene munagwiritsa ntchito mafomu a mafunso, msampha wanu ndi mawu akuti "zimachititsa". Mukapeza kuti ophunzira amene amagwira ntchito maola ambiri amakhoza pang'ono mayeso, chimene mwaona n'chakuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Simunaone kuti china chikubala chinzake. Mwina onsewo akuchokera m'mabanja osowa, ndipo kusowako ndi kumene kukuwakankhira ku ntchito n'kumawasokonezanso pa maphunziro. Lembani kuti "zimayendera limodzi" kapena "pali mgwirizano pakati pa", ndipo mphunzitsi adziwa kuti phunziro la njira zofufuzira munalimva.

Malire a kafukufuku anenedwe m'chiganizo chimodzi, mopanda kupepesa. Ena amadzichepetsa mpaka kugwetsa ntchito yawo yomwe: nthawi inachepa, ndalama panalibe, ofunsidwa ankathawa. Wowerenga safuna madandaulo, akufuna kudziwa kuti zotsatirazi angazidalire mpaka pati. Mawu akuti "pakufunika kafukufuku wina" nawonso asakhale okha, chifukwa angathe kumatidwa kumapeto kwa pepala lililonse. Nenani kuti wofufuza chiyani. Ndipo musathamangire kulangiza boma zochita ngati pepala lanu silinakambe za zimenezo.

Gawo lachisanu: kulumikiza

Munalemba mosatsata dongosolo, tsopano ikani ziganizo m'malo mwake: funso, njira, zotsatira, tanthauzo, malire. Kuti kusiyana kuoneke, nachi chimene wophunzira wathu akanatumiza usiku womaliza uja:

"Kusowa kwa ntchito ndi vuto lalikulu limene likukhudza achinyamata ambiri masiku ano. Akatswiri ambiri alembapo za nkhaniyi. Pepalali likambirana za maubale ndi kufunika kwake pofuna ntchito. Liunikanso maganizo a Granovetter. Kafukufuku anachitika pakati pa ophunzira. Zotsatira zake zifotokozedwa, ndipo pomaliza paperekedwa malangizo."

Werengani aneni ake: likambirana, liunika, zifotokozedwa, paperekedwa. Onse akuloza kutsogolo. Mungachotse mawu akuti "ntchito" n'kuikapo "ukwati" kapena "chipembedzo", chidulechi n'kukhalabe chimodzimodzi. Umu ndi mmene mungadziwire chidule chopanda kanthu: chimakwana pa pepala la munthu wina aliyense.

Nachi tsopano cholumikizidwa kuchokera ku ziganizo tapanga zija:

"Pepalali likufufuza mmene ophunzira a pa yunivesite amapezera ntchito za maola ochepa, pofuna kuona ngati ganizo la Granovetter la mphamvu ya maubale ofooka likufotokoza bwino zimene zimawachitikira. Ndinacheza pamasom'pamaso ndi ophunzira 14 a chaka chachiwiri ndi chachitatu pa yunivesite imodzi, amene ndinawapeza polozeredwa ndi anzawo, ndipo mayankho awo ndinawasanja m'magulu potsata mfundo zobwerezedwa. Ophunzira 9 anamva za ntchito kwa munthu wongodziwana naye patali, koma 7 mwa iwo ananena kuti analembedwa ntchitoyo wachibale kapena mnzawo wapamtima atawalankhulira kwa bwana. Zimenezi zikusonyeza kuti pakati pa ophunzirawa maubale ofooka amabweretsa uthenga, pamene maubale olimba amathandiza kuti bwana amukhulupirire munthu. Popeza ofunsidwawo ndi ochepa ndiponso odziwana, zotsatirazi sizikuimira ophunzira onse, koma zikuonetsa kuti kumva za ntchito ndi kulembedwa ntchito ziyenera kufufuzidwa padera."

Ziganizo 5, mawu pafupifupi 120. Zotsatira, tanthauzo ndi malire zatenga kupitirira theka la malo, ndipo umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Chidule chimene theka lake ndi chiyambi chapendekera kolakwika.

Onani mmene nthawi ya aneni ikusinthira. Zimene pepala likuchita zili m'nthawi yatsopano: likufufuza, zikusonyeza. Zimene munachita ndi zimene ofunsidwa ananena zili m'nthawi yakale: ndinacheza, anamva. Nthawi yam'tsogolo ilibe malo, popeza ntchito inatha. Pa nkhani ya "ndina-", aphunzitsi amasiyana. Ndondomeko ya APA imalola wolemba kunena kuti "ine", koma ena amafunabe "wofufuza anacheza ndi". Tsatirani zimene mwachita m'pepala lonse. Ine ndimakonda "ndinacheza" chifukwa ndi lalifupi ndipo likuonetsa amene anagwira ntchitoyo.

Ngati pepala lanu lili m'Chingerezi, mafupa ake ndi omwewa. Chimene chimasintha ndi chiwerengero: Chichewa chimamata timawu tambiri m'liwu limodzi, monga "atawalankhulira", pamene Chingerezi chimatimwaza. Choncho muwerenge mawu m'chinenero chimene mukupereka.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kudula, kapena kuwonjezera

Sankhani ndime ya chidule yokha ndipo muone chiwerengero. Mu Word chimaoneka m'munsi mwa sikirini, kapena pitani pa Review kenako Word Count. Mu Google Docs dinani Ctrl+Shift+C.

Mukapitirira malire, dulani motsatana chonchi. Choyamba kugwa ndi chiyambi chilichonse chimene chili patsogolo pa funso. Chachiwiri ndi mawu odzaza malo: "n'zofunika kudziwa kuti", "monga tonse tikudziwa", "cholinga chachikulu cha pepala limeneli ndi kuyesa kufufuza". Omaliza aja onse amakwana m'mawu awiri, "pepalali likufufuza". Chachitatu ndi tsatanetsatane wa njira. Zotsatira zikhudzidwe pomalizira penipeni. Ophunzira ambiri amachita mosemphana: amasunga chiyambi chawo chokongola n'kudula manambala, chifukwa chiyambicho ndi chimene anachivutikira kulemba.

Mukaperewera, monga wophunzira wathu atauzidwa kuti chikhale pakati pa 150 ndi 200, musathire madzi. Wonjezerani chotsatira chachiwiri. M'chitsanzo chathu pali anthu 5 amene sitinanene za iwo: kodi anamva kwa achibale, kapena anaona chidziwitso chomatidwa pakhoma? Chiganizo chimodzi chonena za iwo chimatseka funso limene wowerenga watcheru anali nalo kale, pakuti 9 si 14. Mungathenso kumasulira "maubale ofooka" m'mawu ochepa kuti munthu wa phunziro lina amve.

Gawo lomaliza: kuyerekeza ndi pepala

Tsegulani pepala ndi chidule moyandikana, ndipo nambala iliyonse ya m'chidule muipeze m'kati. Zimachitika kawirikawiri kuti chidule chikuti 15 pamene gawo la njira likuti 14, chifukwa munthu mmodzi anachotsedwa pambuyo pake ndipo mwini pepala anakumbukira nambala yakale. Wochonga akaona zotere pa tsamba loyamba, manambala ena onse amawawerenga mokayika.

Onaninso kuti m'chidule mulibe mfundo imene m'pepala mulibe. Nthawi zina polemba chidule m'pamene ganizo labwino limatulukira. Likatuluka, kaliikeni m'pepala kaye, m'gawo lokambirana zotsatira, ndiye libwere m'chidule. Mawu otchulira chinthu chimodzi akhalenso amodzi: ngati m'kati mwalemba "maubale ofooka", chidule chisati "maubwenzi apatali", wowerenga angaganize kuti ndi zinthu ziwiri. Zilembo zofupikitsa mayina zilembedwe mokwanira, chifukwa chidule chiyenera kumveka chili chokha, ndipo pa chifukwa chomwecho musalembe kuti "onani tebulo 2".

Kenako mupatseni mnzanu amene sanawerenge pepala lanu, makamaka wa phunziro lina. Awerenge kamodzi, mumulande, ndipo mumufunse kuti: ndapeza chiyani? Akayankha kuti "unalemba za ntchito za ophunzira", wakuuzani mutu chabe, ndiye kuti chiganizo cha zotsatira sichinamveke. Akayankha kuti "amamva kwa anthu apatali koma amalowa ndi achibale", chidule chagwira. Musamufotokozere pakamwa zimene mumatanthauza, pakuti aphunzitsi adzawerenga inu kulibe.

Kaonekedwe kake n'kosavuta. Mu APA chidule chimakhala pa tsamba lakelake pambuyo pa tsamba la mutu, mawu akuti Abstract ali pakati pamwamba m'zilembo zonenepa, ndipo ndime ndi imodzi yokha, mzere woyamba osaulowetsa m'kati. Pansi pake, ngati aphunzitsi afuna, pamabwera Keywords, mawu 3 mpaka 5 amene munthu angalembe pofufuza pepala ngati lanu. Sankhani limodzi la ganizo, limodzi la gulu la anthu, limodzi la nkhani, ndipo ngati malo alipo limodzi la njira. A wophunzira wathu angakhale awa: maubale ofooka, ophunzira a pa yunivesite, kufuna ntchito, kucheza pamasom'pamaso. Mawu ngati "anthu" kapena "sosholoje" asiyeni, chifukwa ali pa pepala lililonse la m'kalasi mwanu.